Madontho akuda pa mpira wagalasi

Pali dandaulo lina limene anthu opanga magemu ndi mapulogalamu a zithunzi amalandira kawirikawiri, koma amasowa nalo pogwira. Munthu amalemba kuti, "Gemu yanu ikutulutsa madontho akuda, konzani." Wopanga gemu uja amaitsegula pa kompyuta yake, nkuyang'ana paliponse, osaona dontho ngakhale limodzi. Amayankha kuti kwa iye zonse zili bwino. Wodandaula amaona ngati akumunyoza, wopanga amaona ngati akumunamizira, ndipo nkhani imafera pomwepo. Chonsecho palibe amene wanama. Gemu ndi imodzi, koma makhadi a zithunzi amene ali m'makompyuta awowo ndi osiyana.

Khadi la zithunzi ndi chipangizo chimene chimawerengera mtundu wa kadontho kalikonse ka pa sikirini. Timadontho timeneti, timene akatswiri amatitcha mapikiselo, tilipo 2,073,600 pa sikirini ya 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, ndipo gemu yoyenda bwino imatijambula tonse kokwana 60 pa sekondi imodzi. Ntchito yotereyi imafuna malangizo, ndipo malangizowo ndi kapulogalamu kakafupi kotchedwa sheda. Sheda imauza khadi kuti: nayi mbali imene khoma layang'ana, uku ndi kumene kuwala kukuchokera, uku ndi kumene diso lili, ndiye werengera mtundu wa pikiselo iyi. Khadi limachita masamu omwewo pa mapikiselo ambirimbiri nthawi imodzi.

Wolemba sheda amailemba m'chinenero chonga GLSL, chimene chinakhala mbali ya OpenGL 2.0 mu 2004 ndipo chimayang'aniridwa ndi bungwe la Khronos, kapena HLSL ya Microsoft. Koma khadi silimva chinenerocho. Pakati pamafunika womasulira, ndipo womasulirayo amakhala m'pulogalamu yotchedwa dalaivala, imene imasiyana malinga ndi khadi. NVIDIA ali ndi wake, AMD wake, Intel wake, ndipo pa Linux palinso madalaivala a Mesa. Onsewa amatsata buku limodzi la malamulo a chinenerocho. Bukulo limanena zinthu zambiri mwatsatanetsatane, koma pali malo ena pamene limanena poyera kuti zotsatira sizinakhazikitsidwe, khadi lichite chimene lingathe. Zili ngati mwapereka miyezo yofanana kwa atelala awiri koma simunanene za thumba: wina alisokera mkati, wina kunja, ndipo palibe amene mungamuimbe mlandu.

Tiyeni titsate vuto limodzi lotere kuyambira pamene laonekera mpaka pamene lakonzedwa. Chitsanzochi nchongoyerekeza, choncho makhadi awiriwo tingowatcha khadi loyamba ndi khadi lachiwiri, koma cholakwikacho nchodziwika bwino pakati pa olemba masheda.

Mukaima m'madzi oyera nkuyang'ana kumapazi kwanu, mumaona mchenga wapansi. Mukaponya maso patali pa madzi omwewo, mumangoona thambo likunyezimira. Chinthu chosalala chimabweza kuwala pang'ono mukachiyang'ana molunjika, ndipo chimabweza kochuluka mukachiyang'ana cham'mbali. Masamu enieni a zimenezi, amene amadziwika ndi dzina la Fresnel, ndi olemera, ndiye mu 1994 Christophe Schlick anapereka njira yachidule imene magemu ambiri akugwiritsabe ntchito. Mu sheda imaoneka chonchi:

```glsl
float c = dot(N, V);
float f = 0.04 + 0.96 * pow(1.0 - c, 5.0);
```

`N` ndi mbali imene chinthucho chayang'ana, `V` ndi mbali imene kuli diso. Nambala `c` imanena mmene ziwirizi zalunjikirana: ikakhala 1 ndiye kuti mukuyang'ana molunjika ndithu, ikakhala 0 mukuyang'ana cham'mbali kotheratu. Nambala ya 0.04 ikutanthauza kuti galasi kapena pulasitiki imabweza pafupifupi magawo anayi pa 100 alionse a kuwala mukaiyang'ana molunjika. Ndipo `pow(x, 5.0)` ndi kuchulukitsa `x` ndi iyo yomwe kasanu. Pa pepala palibe cholakwika, chifukwa `c` sangapose 1, motero `1.0 - c` sangatsike pansi pa ziro.

Koma kompyuta si pepala. Nambala ya mtundu wa `float` imasungidwa m'mabiti 32, ndipo imagwira molondola manambala pafupifupi asanu ndi awiri okha, otsalawo amadulidwa. Kudula kumeneku kukachitika kangapo motsatizana, `c` amene amayenera kukhala 1 ndendende akhoza kutuluka 1.00000012, imene ndi nambala yotsatira pamwamba pa 1 mu `float`. Pamenepo `1.0 - c` amakhala -0.00000012. Ndi kanambala kochepetsetsa, koma kali pansi pa ziro, ndipo malamulo a GLSL amati `pow` ikapatsidwa nambala ya pansi pa ziro, zotsatira zake sizinakhazikitsidwe.

Apa ndi pamene makhadi amapatukana. Womasulira wina akaona 5.0 akhoza kungochulukitsa nambalayo kasanu, nkupeza kanambala kakang'ono kwambiri koti sikasintha mtundu wa pikiselo. Wina amatsata njira ya masiku onse, imene ndi `exp2(5.0 * log2(x))`. Nambala ya pansi pa ziro ilibe `log2`, ndiye khadi limatulutsa chizindikiro chotchedwa `NaN`, chimene chimanena kuti yankho si nambala. Chizindikirochi chimapatsirana: mukachiphatikiza kapena kuchichulukitsa ndi nambala iliyonse, yankho limakhalanso `NaN`. Pa sikirini nthawi zambiri chimaoneka chakuda. Ndipo ngati gemuyo imasakaniza mapikiselo oyandikana kuti zinthu zowala zioneke ngati zikusefukira kuwala, pikiselo imodzi yoipa imaipitsa anzake onse ozungulira, kadontho nkusanduka chibokosi chakuda chimene chimaphethira kamera ikamayenda.

Munthu amene waona madonthowo sadziwa zonsezi, ndipo sitikumupempha kuti azidziwe. Ntchito yake ndi kulemba zimene waona m'njira yoti munthu amene alibe khadi lakelo athe kufika pamene tafikapa.

Zimayambira pa mutu wa lipoti. "Madontho akuda" si mutu, chifukwa madontho akuda amabwera ndi zinthu zambiri, kuphatikizapo khadi lotentha kwambiri kapena chingwe cha sikirini chothothoka. Mutu wabwino umanena chinthu, malo ndi kusiyana kwake: "Madontho akuda pakati pa mpira wagalasi pa khadi lachiwiri, pa khadi loyamba palibe." Mawu akuti "pakati" ndi ofunika kuposa mmene akuonekera. Pakati pa mpira ndi pamene galasi layang'anizana ndi kamera, pamene `c` amayandikira 1. Wolemba sheda wozolowera akangowerenga liwu limenelo amayamba kale kukayikira mzere wa Fresnel. Madonthowo akadakhala m'mphepete mwa mpira akadaganiza zina, monga kugawa ndi `c` pamene wafika pa ziro.

Kenako pamabwera kufotokoza makina awiriwo, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amagwera. Kulemba kuti "AMD" kapena "NVIDIA" sikokwanira. Pamafunika dzina lonse la khadi, monga Radeon RX 580 kapena GeForce GTX 1060, nambala yonse ya dalaivala, mtundu wa Windows kapena Linux, nambala ya gemu kapena pulogalamuyo, ndiponso njira imene ikulankhulira ndi khadi, kaya OpenGL, Vulkan kapena Direct3D. Nambala ya dalaivala isasiyidwe, chifukwa womasulira sheda amakhala mmenemo: khadi lomwelo likhoza kusintha khalidwe mukangoika dalaivala watsopano. Zonsezi musazilembe pamtima. Pa Windows lamulo la `dxdiag` limaonetsa za khadi ndi dalaivala, pa Linux `glxinfo -B` kapena `vulkaninfo --summary`, ndipo ngati chithunzicho chikujambulidwa mu Chrome, lembani `chrome://gpu` pamene mumalemba adiresi. Koperani zimene zatuluka monga zilili.

Pali msampha wina pa malaputopu. Ambiri ali ndi makhadi awiri, lina laling'ono losadya batire ndi lina lamphamvu, ndipo kompyuta imasankha yokha loti ligwire ntchito. Munthu akhoza kulemba dzina la khadi lamphamvu limene lili pa chomata cha laputopu, pamene gemu imayendera laling'onolo. Wokonza amataya tsiku lonse akuyesa pa khadi lolakwika. Nchifukwa chake dzina lodalirika ndi limene pulogalamuyo yanena yokha m'kaundula wake. Mu OpenGL limachokera ku `glGetString(GL_RENDERER)`. Koma laputopu yotereyi ndi mwayinso, chifukwa mukakakamiza gemu kuyendera khadi ili kenako ilo, zina zonse zimakhala zofanana, ndipo chosiyana chimatsala khadi ndi dalaivala wake basi.

Mfundo imeneyi ndiyo msana wa lipoti lonse. Ngati makina awiri akusiyana pa khadi, pa mtundu wa gemu, pa kukula kwa sikirini ndi pa zosankha za ubwino wa zithunzi, ndiye kuti simunayerekeze makhadi. Mwina kompyuta imodzi ili pa zithunzi zotsika, pamene sheda ya galasi siigwira nkomwe ntchito. Wolemba lipoti wosamala amafananitsa zonse zimene angathe, nkulemba kuti wazifananitsa.

Lipoti la vuto lathu likhoza kumveka motere, ngakhale kuti malipoti ambiri opita kwa opanga mapulogalamu amalembedwa m'Chingerezi:

Tsegulani chithunzi cha mpira wagalasi chimene ndaphatikiza. Ikani sikirini pa 1920 ndi 1080, zithunzi pa mlingo wapamwamba. Ikani kamera kutsogolo kwa mpira monga ndasungira m'failo, ndipo iyendetseni pang'onopang'ono kumanja. Ndimayembekeza kuona galasi losalala, monga likuonekera pa khadi loyamba. Pa khadi lachiwiri pakati pa mpira pakutuluka timadontho takuda, timene tikuphethira kamera ikamayenda ndipo tikuima kamera ikaima. Zikuchitika nthawi iliyonse imene ndayesa. Ndikazimitsa kusefukira kwa kuwala, zibokosi zikuchepa nkukhala pikiselo imodziimodzi koma sizikutha. Ndikasintha galasi kukhala chinthu chosanyezimira, madontho akutheratu. Mtundu wa pikiselo yoipa ndi 0, 0, 0, pamene pa khadi loyamba pikiselo yomweyo ili ndi mtundu wofanana ndi anzake oyandikana nawo.

Taonani mmene chiganizo chilichonse chikutsekera khomo lina. Madontho oima kamera ikaima si a khadi lotentha, chifukwa khadi lodwala limataya madontho mwachisawawa, ngakhale m'magemu ena. Kuchepa kwa zibokosi kukusonyeza kuti kusefukira kwa kuwala kumangokulitsa vuto lobadwira kwina. Kutha kwa madontho pa chinthu chosanyezimira kukuloza sheda ya galasi. Ndipo mtundu wa 0, 0, 0, wakuda bii pakati pa mapikiselo owala, ndi fungo la `NaN`. Masamu ongophonya pang'ono akadatulutsa mtundu woderako, osati mdima weniweni. Wolembayo sanatchule Fresnel kapena `pow`, koma wachepetsa malo ofufuza kuchoka pa gemu yonse kufika pa mizere yowerengeka.

Zithunzi zophatikiza zikhale ziwiri, china cha khadi lililonse, kamera ili pamalo amodzi. Zisungidwe ngati PNG. JPEG imasakaniza mapikiselo oyandikana kuti failo ichepe, ndipo pikiselo imodzi yakuda ikhoza kuzilala, wokonza nkulephera kuyeza mtundu wake. Chithunzi chojambula sikirini ndi foni nkuchitumiza pa WhatsApp chimakhala chitataya umboni kawiri. Choposa zithunzi ndi failo ya RenderDoc, pulogalamu yaulere imene anailemba Baldur Karlsson. Imagwira chithunzi chimodzi cha gemu pamodzi ndi malamulo onse amene anapita ku khadi, ndipo mukaloza pikiselo imakuuzani nambala zimene zili mmenemo. Ngati chithunzicho chinasungidwa m'manambala a `float` chisanafike pa sikirini, mudzaona `NaN` italembedwa poyera.

Munthu amene ali ndi mwayi wosintha sheda akhoza kupita patsogolo, ndipo apa ndi pamene lipoti labwino limasanduka lipoti losatsutsika. Amachotsa mizere ya sheda umodzi ndi umodzi, akuyesa pa makhadi onse awiri, mpaka patatsala zokhazo zimene zikachotsedwa vuto limasowa. Sheda ya mizere mazana ikhoza kutsala yotere:

```glsl
#version 330 core
uniform float c;
out vec4 mtundu;
void main() {
    float f = pow(1.0 - c, 5.0);
    mtundu = vec4(vec3(0.5 + f), 1.0);
}
```

Mukapatsa `c` nambala ya 1.0, makhadi onse awiri amajambula sikirini yotuwa. Mukampatsa 1.0000001, khadi loyamba limajambulabe yotuwa, lachiwiri yakuda yonse. Mpira wachoka, kuwala kwachoka, kamera yachoka, kwatsala nambala imodzi ndi ntchito imodzi ya masamu.

Liwu la `uniform` lili pamenepo dala. Likutanthauza kuti nambalayo imaperekedwa pulogalamu ikuyenda, womasulira asakuidziwa. Mukailemba mwachindunji mu sheda, womasulira akhoza kuwerengeratu yankho yekha sheda isanafike nkomwe ku khadi, ndipo vuto limasowa kapena kusintha maonekedwe. Ambiri amasokonezeka pamenepa, nkuganiza kuti analondola njira yolakwika. Chenjezo lofanana likukhudza `isnan()`, ntchito imene imayenera kukuuzani ngati nambala ndi `NaN`. Malamulo a GLSL sakakamiza khadi kusamala `NaN` monga mmene purosesa ya kompyuta imachitira potsata muyezo wa IEEE 754, choncho `isnan()` ikanena kuti zonse zili bwino musafulumire kukhulupirira. Njira yodalirika ndi kuyesa nambala isanalowe mu `pow`: uzani sheda ipake kufiira paliponse pamene `c` waposa 1.0. M'chitsanzo chathu timadontho tofiira timatuluka pakati pa mpira pa makhadi onse awiri, mwina osati pa mapikiselo omwewo ndendende. Ndiye kuti khadi loyamba nalonso linkalandira nambala yoipa, koma linkangoimeza mwakachetechete.

Izi zikusintha funso la amene walakwa. Anthu amakonda kuganiza kuti khadi limene likuonetsa chithunzi chokongola ndilo lolondola, ndipo linalo ndi lowonongeka. Pa nkhani iyi khadi lachiwiri silinaphwanye lamulo lililonse, loyambanso chimodzimodzi. Cholakwika chili mu sheda, imene inapempha chinthu chimene malamulo sanalonjeze. Ine ndimaona kuti lipoti lisamayambe ndi chigamulo. Lolembedwa kuti "dalaivala wa kampani yakuti ngwowonongeka" limatumiza wokonza kukafufuza mbiri ya madalaivala, pamene yankho lili mu failo yake yomwe. Maganizo a wolemba lipoti ndi olandiridwa, koma akhale kumapeto, olembedwa poyera kuti ndi maganizo: "Ndikukayikira `pow`, chifukwa `c` akuposa 1.0 pamalo omwe pali madontho." Akalakwitsa pamenepo, umboni uli pamwambapo umakhalabe wothandiza.

Kukonza kwake ndi mzere umodzi:

```glsl
float c = clamp(dot(N, V), 0.0, 1.0);
```

`clamp` imatsekera nambala pakati pa 0 ndi 1, motero 1.00000012 amabwerera pa 1. Malo ake ndi ofunika. Ena amaiika pamapeto, pa mtundu wotuluka, poganiza kuti ichotsa mdimawo. Koma pamenepo `NaN` yabadwa kale, ndipo zimene `clamp` imachita ikalandira `NaN` mu GLSL nazonso sizodalirika pa makhadi onse. Vuto likhoza kubisala pa khadi ili nkudzatulukira pa lachitatu. Nambala imatsekeredwa isanalowe mu `pow`. Wokonza wanzeru akatero amafufuzanso masheda ena onse, kuyang'ana `pow`, `sqrt`, `log` ndi `acos`, chifukwa zonsezi zili ndi malire a nambala zimene zimalandira, ndiponso `normalize` yopatsidwa muvi wopanda utali.

Sikuti nthawi zonse sheda ndiyo yolakwa. Madalaivala nawo amakhala ndi zolakwika zenizeni, ndipo njira yodziwira ndi yomweyi. Mukachepetsa sheda nkupeza kuti nambala zonse zili m'malire ololedwa, palibe nambala imene yawerengedwa isanapatsidwe mtengo, ndipo `glslangValidator` ya Khronos ikuvomereza kalembedwe kake, koma makhadi akusiyanabe kwambiri, pamafunika mboni yachitatu. Pa Linux yokhala ndi Mesa, kuika `LIBGL_ALWAYS_SOFTWARE=1` patsogolo pa lamulo loyendetsa pulogalamu kumachititsa kuti chithunzi chijambulidwe ndi purosesa, khadi osakhudzidwa. Zimayenda pang'onopang'ono, koma pa chithunzi chimodzi zimakwanira. Ngati purosesa ikugwirizana ndi khadi loyamba pa sheda imene ili m'malamulo, lipoti liyenera kupita kwa opanga dalaivala wa khadi lachiwiri, ndipo kasheda kochepetsedwa kaja ndi kamene adzayambe kupempha. Kuyesa dalaivala wakale kumathandizanso: mukapeza kuti vuto linalibe pa nambala yakuti ndipo linayamba pa yotsatira, mwawasonyeza pamene ayang'ane. Koma kugwirizana kwa awiri pa atatu si umboni ngati sheda ili kunja kwa malamulo, monga inalili yathuyi.

Palinso kusiyana kumene sikufunika lipoti. Mtundu uliwonse wa pikiselo wamba umayezedwa kuyambira 0 mpaka 255, ndipo ngati khadi lina latulutsa 127 pamene lina latulutsa 128, kumeneko ndi kudula manambala kwa masiku onse, kumene malamulo amalola. Nchifukwa chake lipoti limalemba manambala a mitundu, osangoti "zikusiyana": 127 ndi 128 nzololedwa, 0 ndi 128 ayi.

Wokonza akatumiza sheda yatsopano, ntchito imabwerera kwa wolemba lipoti, chifukwa nthawi zambiri ndi iye yekha amene ali ndi khadi lachiwiri. Amabwereza masitepe omwe aja, pa dalaivala yemwe uja, kamera ili pamalo omwe aja, nkulemba ngati madontho atha. Asasinthe dalaivala tsiku lomwelo, chifukwa akatero sadzadziwa chimene chachotsa madonthowo. Amayesanso pa khadi loyamba kuti aone ngati galasi likunyezimira monga kale, nkuphatikiza zithunzi ziwiri zatsopano za PNG lipotilo lisanatsekedwe.